Soda wosadalirika ndi ufa umene umamuyesa mphamvu

Kambulu kamodzi ka kositiki soda kakaikidwa pa sikelo ya mu labotale, ija yowerenga mpaka magalamu 0.0001, manambala sakhazikika. Amangokwera pang'onopang'ono munthu akuyang'ana. Kambulu kamene kanali kouma ndi koyera potuluka m'botolo kamayamba kunyezimira, kenako kamanyowa, ndipo kakasiyidwa pamtunda nthawi ya dzinja kamasanduka kadontho koterera. Palibe amene wakathira madzi, kakungoyamwa chinyezi cha mu mpweya.

Soda ameneyu, yemwe akatswiri amati sodiyamu hayidirokisayidi nalemba NaOH, ndi yemwe uja amayi opanga sopo amagula. Mu labotale ali ndi ntchito ina, yoyesera kuchuluka kwa asidi mu zinthu monga viniga, mkaka, juwisi wa zipatso ndi mafuta ophikira. Woyesa amadontheza madzi a soda kuchokera mu byureti, kachubu kagalasi kakatali kokhala ndi mizere ndi kampopi kunsi, mpaka asidi yense wa mu fulasiki atatheratu mphamvu. Akadziwa mamililita amene alowa, ndiponso akadziwa mphamvu ya madzi a sodawo, amawerengera asidi amene analimo. Njirayi ndiyo tayitireshoni, imene ana a sukulu za sekondale amakumana nayo pa phunziro la kemisitile.

Mamililita amaoneka ndi maso pa mizere ya byureti, koma mphamvu ya madzi a soda sioneka. Imayenera kupezedwa, ndipo sikelo payokha singaipeze.

Pa pepala zimaoneka zophweka. Akatswiri amawerenga tizidutswa ta mankhwala m'magulu otchedwa mamolo, ndipo molo imodzi ya NaOH imalemera magalamu 40.00. Motero magalamu 4.000 osungunulidwa mpaka kudzaza lita imodzi amayenera kupereka molo 0.1000 pa lita, zimene pa botolo zimalembedwa kuti 0.1000 M. Koma m'magalamu 4.000 amene sikelo yaonetsa muli madzi amene timibulu tayamwa. Mulinso china chobisika kuposa pamenepo. Soda amakoka mpweya wa kaboni dayokisayidi n'kusanduka sodiyamu kaboneti, Na₂CO₃, ufa woyera umene umakuta timibulu ndi kumatirira pakamwa pa botolo lakale. Ngakhale botolo latsopano losatsegula, opanga ake kawirikawiri amalemba kuti soda weniweni ndi maperesenti 97 kapena 98 basi. Wolemba 0.1000 M pa botolo chifukwa choti anayesa magalamu 4.000 walemba zimene amafuna kuti zikhale, osati zimene zilimo.

Wogula chimanga wochenjera akakayikira sikelo ya venda amaikapo kaye paketi ya shuga ya kilo imodzi kuti aone ngati sikeloyo ikunena zoona. Mu labotale ntchito ya paketi ija imagwiridwa ndi ufa woyera wotchedwa potaziyamu hayidirojeni thaleti, umene aliyense amangouti KHP. Chilembo chomaliza chimasokoneza ophunzira ambiri, amene amaganiza kuti P ndi fosiforasi, n'kuphatikiza kulemera kwa K, H ndi P n'kupeza magalamu 71. Fomula yake yeniyeni ndi KHC₈H₄O₄, ndipo molo imodzi imalemera magalamu 204.22.

KHP anasankhidwa chifukwa ali ndi zonse zimene soda alibe. Sayamwa chinyezi mwa changu, sakoka kaboni dayokisayidi, amakhala zaka m'botolo osasintha, ndipo amayengeka mpaka kufika pafupifupi maperesenti 100. Bungwe la miyeso la ku America, NIST, limagulitsa KHP wotsimikizidwa pa nambala ya SRM 84, amene malabotale ena amayerekezera wawo. Ndi asidi wofooka, ndipo kachidutswa kake kamodzi kamathana ndi kachidutswa kamodzi ka NaOH, kotero masamu ake savuta.

Palinso ubwino wina umene anthu sautchula kwambiri, ndiwo kulemera kwake. Kuti munthu akhale ndi molo 0.0025 ya NaOH, angayese magalamu 0.1 okha. Molo 0.0025 yomweyo ya KHP imaposa pang'ono theka la galamu. Sikelo ikaphonya ndi magalamu 0.0001, pa soda kuphonyako ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000, pamene pa KHP ndi gawo limodzi mwa magawo 5,000. Chinthu cholemera chimakhululukira dzanja ndi sikelo.

Ntchito imayamba ndi madzi. Madzi otchezedwa amene akhala m'chigubu amakhala atamwa kaboni dayokisayidi, ndipo mpweya umenewu m'madzi ndi asidi ndithu, ngakhale wofooka. Amawiritsidwa kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo kuti mpweyawo uthawe, kenako amaziziritsidwa ali ovundikira. Ena amangosungunula magalamu 4 a timibulu mu lita ya madzi amenewa, ndipo pa ntchito ya kusukulu zimakwanira. Amene amafuna zolondola kwambiri amayamba ndi madzi a soda okhathamira, theka soda theka madzi pa kulemera. Mu madzi amphamvu chotero kaboneti sasungunuka, amadikha pansi ngati nsenga pakapita masiku. Woyesa amatapa mamililita oposa pang'ono 5 a pamwamba poyera n'kuwathira mu lita imodzi ya madzi owiritsa aja. Apa magalasi a m'maso ndi magolovesi si zodzikongoletsera. Soda wamphamvu amatentha madzi akamasungunuka, amadya khungu, ndipo dontho limodzi lokha lingawononge diso.

Chodabwitsa kwa ongoyamba kumene n'chakuti pa gawo limeneli palibe chifukwa chovutikira kuyesa molondola. Silinda wamba ya mizere ikukwanira. Mphamvu ikatuluka 0.097 kapena 0.103 palibe chalakwika, bola nambala yeniyeniyo idziwike pambuyo pake. Chofunika ndi kugwedeza botolo mokwanira, chifukwa madzi a soda ndi olemera ndipo amakonda kukhala pansi.

Kusamala konse kumapita kwa KHP. Amayalidwa m'kabotolo kosatseka n'kuumikidwa mu uvuni pa madigiri 110 kwa maola awiri, kuti chinyezi chochepa chimene chili kunja kwa timiyala take chichoke. Akatuluka amaikidwa mu desiketa, mphika wagalasi wotsekeka bwino wokhala ndi mankhwala oyamwa chinyezi pansi pake, kwa theka la ola kapena kuposa. Kuyesa chinthu chikadali chotentha kumanamiza sikelo, chifukwa mpweya wofunda wokwera kuchokera pa kabotolo umakapepuza. Kayesedwe kabwino ndi kochotsera. Woyesa amaika kabotolo ndi ufa wake pa sikelo n'kulemba nambala, amagogodera ufa pang'ono mu fulasiki, amabwezera kabotolo pa sikelo n'kulembanso. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiwo ufa umene walowa mu fulasiki. Kabotolo kamagwiridwa ndi kapepala kapena magolovesi, popeza mafuta a pa chala amaoneka pa sikelo yotere.

Mu fulasiki iliyonse mwa zitatu mumalowa KHP wa pakati pa magalamu 0.4 ndi 0.6. Sikofunika kuti zifanane. Muyeso umenewu umasankhidwa kuti soda wofunika akhale pakati pa mamililita 20 ndi 30, ochuluka mokwanira kuti kuphonya kwa diso kuchepe mphamvu, koma osafika pomaliza byureti ya mamililita 50. Ufawo umasungunulidwa m'madzi owiritsa aja okwana mamililita 50 kapena kuposerapo. Amachedwa kusungunuka, ndipo woyesa amayenera kuzunguza fulasiki mpaka pansi pasakhale kamwala ngakhale kamodzi.

Kenako amathiramo madontho awiri kapena atatu a finofuthalini, mankhwala amene Adolf von Baeyer wa ku Jeremani anawapanga mu 1871. M'madzi a asidi saoneka konse, koma pH ikadutsa 8.2 amasanduka pinki. Kusankha ameneyu kuli ndi chifukwa. Asidi wofooka akathana ndi soda wamphamvu, madzi otsala sakhala pa pH 7 monga ambiri amaganizira. Kwa KHP amakhala pakati pa 8 ndi 9, pomwepo pamene finofuthalini amasinthira mtundu. Indiketa ina yotchuka m'masukulu, methilo olenji, imasintha mtundu cha pa pH 4, ndipo madzi a KHP amakhala ali kale pamenepo soda asanalowe n'komwe. Woigwiritsa ntchito pano sangaone pothera penipeni.

Byureti imatsukuluzidwa kawiri kapena katatu ndi madzi a soda omwewo, mamililita ochepa ulendo uliwonse, n'kutayidwa. Ikadzazidwa, kampopi kamatsegulidwa kwathunthu kwa kanthawi kuti kathovu ka mpweya kamene kamabisala kunsonga katuluke. Pamwamba pa madzi mu chubu pamakhala popindika ngati kambale, ndipo nambala imawerengedwa pansi pa kambaleko, diso lili molingana napo. Mizere yake ndi ya mamililita 0.1, koma diso lozolowera limagawa mpata wa pakati pa mizere iwiri n'kulemba manambala awiri kuseri kwa kadontho.

Tsopano dzanja lamanzere lili pa kampopi, lamanja likuzunguza fulasiki, pansi pali pepala loyera. Poyamba soda amalowa mothamanga ndipo palibe chooneka. Pakapita nthawi, pamene madontho akugwera pamayamba kuoneka kamtambo ka pinki kamene kamazimirira nthawi yomweyo. Kamtambo kaja kakayamba kuchedwa kuzimirira, kumafalikira mbali yaikulu ya madzi kasanathe, woyesa amadziwa kuti wayandikira, ndipo amachepetsa mpaka dontho limodzilimodzi. Amatsukira m'mbali mwa fulasiki ndi madzi pang'ono kuti timadontho tothovokera m'mwamba tibwerere pansi. Pomalizira penipeni amatsegula kampopi pang'ono zedi kuti theka la dontho lilendewere kunsonga, amalikhudzitsa kukhoma la fulasiki, n'kulitsukira pansi. Pothera ndi pamene madzi onse asanduka pinki wotuwa kwambiri, wongooneka chifukwa cha pepala loyera lija, ndipo mtunduwo wakhala masekondi 30 osachoka.

Theka la dontho lingaoneke ngati kukokomeza, koma dontho limodzi la byureti ndi pafupifupi mamililita 0.05. Pa mamililita 25, ndiwo magawo awiri mwa 1,000, kuphonya koposa kakhumi kuja kwa sikelo. Fulasiki ya pinki wowala bwino, imene ophunzira amakonda kuinyamula m'mwamba monyadira, imakhala yodutsitsa ndi madontho angapo.

Pinki wotuwa uja akasiyidwa mphindi zingapo amazimirira. Ambiri amaganiza kuti sanafike, n'kuonjezera dontho lina. Koma chimene chachitika n'chakuti madziwo amwa kaboni dayokisayidi wa mu mpweya, ndipo kukanakhala kuonjezera nthawi iliyonse pamene mtundu wathawa, ntchitoyo sikanatha. N'chifukwa chake pali malire a masekondi 30.

Masamu ake amaoneka bwino pa chitsanzo. Mu fulasiki yoyamba munalowa magalamu 0.5105 a KHP. Kugawa 0.5105 ndi 204.22 kukupereka molo 0.002500. Byureti inayambira pa 0.12 n'kuthera pa 25.76, kutanthauza kuti munalowa mamililita 25.64, amene ndi malita 0.02564. Popeza kachidutswa kamodzi ka KHP kamathana ndi kamodzi ka soda, m'mamililita amenewo munali molo 0.002500 ya NaOH. Kugawa 0.002500 ndi 0.02564 kukupereka 0.09750 M.

Fulasiki yachiwiri inali ndi magalamu 0.4872 ndipo inamwa mamililita 24.45, zimene zikupereka 0.09757 M. Yachitatu inali ndi magalamu 0.5318, inamwa mamililita 26.72, ndipo yankho lake ndi 0.09746 M. Mamililita atatuwa ndi osiyana chifukwa ufa unali wosiyana, ndipo palibe chifukwa chowayerekezera. Zoyerekezera ndi mayankho, amene pakati pawo ndi 0.09751 M. Lalikulu ndi laling'ono akusiyana ndi gawo limodzi lokha ndi pang'ono mwa magawo 1,000, ndipo pa ntchito yamanja kugwirizana kotere n'kwabwino. Akanasiyana ndi magawo asanu kapena khumi, pakanafunika fulasiki yachinayi ndi yachisanu. Kutaya yankho limodzi chifukwa chongoti silikusangalatsa ndi chinyengo, pokhapokha woyesa atalemba nthawi yomweyo chimene chinalakwika pa fulasikiyo.

Koma kugwirizana kwa mayankho atatu sikutanthauza kuti ndi olondola. Cholakwika chimene chachitika mofanana m'mafulasiki onse chimabisala bwinobwino, ndipo apa mpamene woyesa wodziwa ntchito amasiyana ndi wongotsatira pepala. Iye amadziwa mbali imene cholakwika chilichonse chimakankhira yankho.

KHP wosaumika ndiye chitsanzo chabwino. Ngati gawo limodzi mwa 100 la kulemera kwake ndi madzi, pepala likunena kuti mu fulasiki muli asidi wambiri kuposa amene alimodi. Soda wochepa amamaliza ntchito, ndipo masamu amamutama kuti ndi wamphamvu kuposa mmene alili, ndi peresenti imodzi, m'mafulasiki onse atatu mofanana. Timiyala tosasungunuka timakankhira mbali yomweyo, koma tokha timadziulula, chifukwa pinki amabwera msanga kenako n'kuthawa m'masekondi ochepa pamene timiyalato tikupitiriza kusungunuka. Zolakwika zina zambiri zimakankhira mbali inayo. Kathovu ka kunsonga kakatuluka pakati pa ntchito, byureti imaonetsa kuti patuluka madzi pamene patuluka mpweya, mamililita amachuluka, ndipo soda amaoneka wofooka. Kudutsitsa pothera kumachita chimodzimodzi, monganso madzi osawiritsa amene mpweya wake umadya soda wina. Byureti yonyowa ndi madzi, yosatsukuluza ndi soda, imasukulutsa zimene zathiridwamo, ndipo chizindikiro chake n'chakuti fulasiki yoyamba imapereka yankho lotsika kuposa zotsatira byureti itadzazidwanso.

Fulasiki yonyowa yokha ndiyo ilibe mlandu. Ophunzira ena amataya nthawi kuiumitsa, ena amaopa kutsukira m'mbali mwake. Madzi oyera sasintha kuchuluka kwa tizidutswa ta KHP timene tili m'katimo, ndipo soda amawerenga tizidutswa, osati madzi.

Nambala ikapezeka imalembedwa pa botolo pamodzi ndi tsiku, chifukwa siikhalitsa. Nthawi iliyonse botolo likatsegulidwa mumalowa mpweya. Kachidutswa kamodzi ka kaboni dayokisayidi kamadya tizidutswa tiwiri ta NaOH n'kupanga kaboneti mmodzi, ndipo kaboneti ameneyo, pofika pamene finofuthalini amasintha mtundu, amakhala atathana ndi kachidutswa kamodzi kokha ka asidi m'malo mwa tiwiri. Soda amafooka, ndipo pothera pamayamba kuvuta kuona chifukwa mtundu umabwera mozengereza m'malo mobwera ndi dontho limodzi. Botolo loyenera ndi la pulasitiki lotsekeka bwino. Soda amadya galasi pang'onopang'ono, ndipo chotsekera chagalasi chimamatirira mpaka kukana kutseguka. Pa chifukwa chomwecho byureti siigonekedwa ndi soda usiku, imatsukidwa ntchito ikangotha, ndipo wotsala mu byureti sabwezeredwa m'botolo. Malabotale osamala amabwereza kuyesa ndi KHP sabata iliyonse, ena tsiku lililonse la ntchito yofunika.

Kusiyana kwa 0.1000 ndi 0.09751 ndi maperesenti awiri ndi theka, ndipo kumaonekera pa viniga wa m'sitolo wolembedwa kuti ali ndi asidi wokwana maperesenti 5. Woyesa amatapa mamililita 25.00 a viniga ndi pipeti, amawasukulutsa ndi madzi mpaka mamililita 250, kenako amatapanso mamililita 25.00 a osukulutsawo n'kuika mu fulasiki. Motero mu fulasiki muli asidi wochokera m'mamililita 2.5 a viniga weniweni. Tinene kuti soda wolowa mpaka pinki wotuwa ndi mamililita 21.00. Asidi wa mu viniga, asetiki, amalemera magalamu 60.05 pa molo, ndipo nayenso amathana ndi soda kamodzi kwa kamodzi.

Wokhulupirira 0.1000 M apeza molo 0.002100, zimene zikupereka magalamu 5.04 a asidi m'mamililita 100 a viniga, ndipo alemba kuti viniga wakwana. Wogwiritsa ntchito 0.09751 M apeza molo 0.002048, zimene ndi magalamu 4.92 m'mamililita 100, ndipo alemba kuti wapereweza. Onse awiri anagwiritsa ntchito byureti imodzi, anaima pa dontho limodzi ndipo anawerenga mamililita ofanana. Woyamba uja akabwereza katatu apeza 5.04 katatu konse, ndipo palibe chilichonse mu fulasiki yake chimene chingamuchenjeze kuti viniga wadutsa ali wosakwana.